Nyimbo pafoni: chimene chimadya bandulo n'chiyani?

Kwa Zulu ku Mchinji, ukakhala pakhonde la telala kapena pamene anyamata a kabaza amadikira anthu, sipalephera kumveka nyimbo yapafoni. Dandaulo nalo silisowa: "Bandulo ndagula dzulo lomweli, lero yatha kale." Aliyense ali ndi chifukwa chake chimene amanena, koma zambiri mwa zifukwazo n'zongomva.

Amati: "Ukakweza voliyumu kapena kulumikiza sipika, data imathamanga."

Ayi ndithu. Bandulo imatha malinga ndi kukula kwa zimene foni yakoka pa netiweki. Nyimbo ikafika m'foni yafika, kaya muimvera chapansipansi m'makutu kapena muiphulitsa pasipika mpaka aneba adandaule. Bluetooth nayo sikhudza bandulo, chimene imadya ndi batire.

Amati: "Nyimbo ndi nyimbo, kulikonse imadya chimodzimodzi."

Apa ndi pamene ambiri amaluzira. Nyimbo imodzi yomweyo imatumizidwa yopepuka kapena yolemera. Pa Spotify, mukasankha Low, ola limodzi limadya pafupifupi 11 MB. Pa Normal ndi 43 MB, pa High ndi 72 MB. Mukamamvera pa YouTube ndiye kuti mukulipiranso zithunzi, ngakhale foni ili pawindo simukuiyang'ana, ndipo vidiyo ya 360p imatha kudya 200 MB kapena 300 MB pa ola.

Titenge telala amene wagula bandulo ya 500 MB kuti imufikitse sabata, ndipo amamvera nyimbo maola awiri patsiku akamasoka. Pasabata ndi maola 14. Pa YouTube bandulo ija siona dzuwa la tsiku lachiwiri likulowa. Pa Normal akufunika 600 MB, choncho ithera panjira tsiku lachisanu ndi chimodzi, asanatsegule n'komwe WhatsApp. Pa Low angogwiritsa 154 MB, n'kutsala ndi yambiri yochezera ndi makasitomala. Low imamveka yophwa pang'ono m'mahedifoni abwino, koma pakasipika ka foni, makina osokera akulira, kusiyanako n'kochepa. Mu Spotify yatsani Data Saver, imene imatsitsa kulemera kwa nyimbo ndi kuzimitsa timavidiyo tobwerezabwereza tija. Ngati nyimboyo ili pa YouTube pokha, tsitsani Quality ifike pa 144p.

Amati: "4G ndi mbava, bola 3G."

Thumba la mtedza silichuluka chifukwa lanyamulidwa pagalimoto m'malo mwa ngolo, limangofika msanga. Nyimbo ya 3 MB ndi 3 MB kulikonse. Komabe odandaulawo sakunama kwenikweni. Apu ikasiyidwa pa Auto kapena Automatic, imaona kuti netiweki ili bwino n'kuyamba yokha kukoka nyimbo kapena vidiyo yolemera. Imakokeratunso zakutsogolo, ndiye mukamadumpha nyimbo iliyonse itangoyamba, mumataya zimene mwalipira kale. Mankhwala ake ndi kusankha nokha mlingo wotsika, osati kuthawa 4G.

Amati: "Kudawuniloda kumadya kwambiri kuposa kungomvera."

Kumaoneka choncho chifukwa data imachoka nthawi imodzi. Nyimbo wamba ya MP3 ya mphindi zinayi imakhala pafupifupi 4 MB, choncho nyimbo 30 ndi 120 MB. Mwalipira kamodzi, mumvera mwezi wonse data ili chozimitsa. Kumvera pa intaneti n'kosadalirika: foni imasungako nyimbo zina kwakanthawi, koma malo akachepa imazifufuta n'kuzikokanso. Audiomack imalola kusunga nyimbo zambiri mu apu osalipira, pomwe pa Spotify kusunga nyimbo n'kwa olipira Premium okha.

Amati: "Ndikatseka sikirini, data yaima."

Siima. Autoplay ikakhala yoyatsa, nyimbo zimangotsatizana inu mutagona kale. Maapu ena nawo amakoka zawo mwakachetechete, makamaka Play Store ngati simunaiuze kuti izikonzanso maapu pa Wi-Fi pokha. Kuti mugwire wakuba weniweni, lowani mu Settings, pezani Data usage, muone apu imene ili pamwamba. Mungapeze kuti ndi TikTok kapena Facebook, osati nyimbo.

Palinso msampha wa ife a m'malire. Mukamayandikira ku Mwami panjira ya ku Chipata, foni imatha kusiya Airtel kapena TNM ya kuno n'kugwira netiweki ya ku Zambia, ndipo pamwamba pasikirini pamaoneka kachilembo ka R. Bandulo wamba ya ku Malawi sigwira ntchito kumeneko, ndiye nyimbo ikapitiriza kulira, akudyedwa ndi mayunitsi anu. Zimitsani Data roaming musananyamuke, ndipo za paulendo zikhale zimene munasunga kale m'foni.