Thumba losoka ndi dengu: CV yanu ipite bwanji ku makina?

Aliyense amene anakhalako ku Chikanda amadziwa timashopu tosindikiza mapepala tomwe ophunzira a pa Yunivesite ya Malawi amadzazana nyengo ya mayeso. Maphunziro akatha, anthu omwewo amabwereranso ndi CV m'manja, ndipo funso limakhala limodzi: nditumize PDF kapena Word?

Kumabungwe ambiri akuluakulu, makamaka akunja, woyamba kutsegula chikalata chanu si munthu. Ndi pulogalamu ya pakompyuta, monga Workday kapena Taleo, yomwe imasolola mawu n'kuwaika m'timabokosi: dzina apa, maphunziro apo, zaka za ntchito uko. Wolemba ntchito akafuna anthu, amafufuza m'timabokosimo ndi mawu ngati "accounting".

Ganizirani za kuchigayo. Chigayo sichisamala kukongola kwa chotengera, chimafuna chimanga chokhuthulika. Fayilo ya .docx ili ngati dengu: kukhuthula n'kosavuta, koma m'njira chimanga chimasuntha. Mwalemba pafoni ndi WPS Office masamba awiri, wina akatsegula pakompyuta yake apeza atatu, zilembo zasintha. PDF ndi thumba losoka: momwe mwalimangira ndi momwe likafikire, ndipo makina ambiri a masiku ano amatha kulimasula bwinobwino.

Vuto ndi lakuti matumba ena ndi odzaza ndi zitsononkho. Mukasindikiza CV papepala, n'kuisaina, kenako n'kuijambula ndi sikana kapena foni, chotuluka chimatchedwabe PDF, koma nthawi zambiri mkati mulibe chilembo ngakhale chimodzi. Ndi chithunzi. Maso a munthu awerenga, koma makina omwe satha kuzindikira zilembo pachithunzi apeza tsamba lopanda kanthu, ndipo palibe adzakuuzeni.

Mwana wa mchemwali wanga, yemwe ankachita lendi ku Chikanda komweko, anandionetsa CV yake atatumiza malo angapo osayankhidwa. Inali yooneka bwino kwambiri: mizati iwiri, kumanzere luso ndi zilankhulo, kumanja ntchito, nambala ya foni pamwamba penipeni. Sinali yojambula, inali PDF yeniyeni. Ndinamuuza kuti aitsegule, adine `Ctrl+A`, kenako `Ctrl+C`, atsegule Notepad n'kudina `Ctrl+V`. Zomwe zinatuluka zinamuziziritsa nkhongono. Mizati iwiri ija inalukana mzere ndi mzere, moti "Chichewa" inakhala pakati pa dzina la ntchito ndi chaka chomwe anayamba. Dzina lake silinaoneke n'komwe, chifukwa linali mkati mwa kachithunzi kokongoletsa.

"Amalume, ndiye ndingotumiza Word?" anafunsa.

Ndinamuyankha kuti ayi, kusintha chotengera chokha sikuthandiza. Mizati, matebulo ndi timabokosi ta mawu zimasokoneza makina ngakhale mu .docx, ndipo mawu oikidwa mu Header kapena Footer mapulogalamu ena amangowadumpha. Tinailembanso mu Word, mzati umodzi kuchoka pamwamba mpaka pansi. Dzina, foni ndi imelo tinaziika m'thupi la chikalata. Mitu tinaipatsa mayina omwe makina anazolowera, Education ndi Work Experience, ndipo zaka tinazilemba mofanana paliponse, monga 03/2022. Tinasunga .docx, n'kupanganso PDF kudzera pa Save As, osadutsa pa pepala. Titabwereza kuyesa kuja, mawu anatsika mwadongosolo ngati mmene tinawalembera.

Tsono muli ndi mafayilo awiri abwino, mutumize iti? Choyamba werengani chilengezo cha ntchito. Akanena PDF, tumizani PDF. Akanena Word, musatsutse, chifukwa makampani ena ofunira anzawo antchito amafuna kuchotsa nambala yanu n'kuikapo chizindikiro chawo asanapereke kwa bwana. Akaloleza zonse ziwiri ndipo mukukweza fayilo pa fomu ya pa intaneti, ine ndimasankha .docx, popeza ngakhale makina akale amaiwerenga mosavuta. Mukamatumiza pa imelo kwa munthu, PDF ndiyo yabwino, pakuti mwina akaitsegulira pafoni.

Mafomu ambiri amadzaza okha timabokosi mukangokweza CV. Musathamangire kudina Submit. Pamenepo makina akukuonetsani zomwe amva. Mukaona digiri yanu yalowa pa malo a dzina la kampani, konzani ndi manja, kapena yesani fayilo inayo.

Nanga satifiketi ya MSCE ndi ya digiri? Zimenezo n'zojambula basi, palibe njira ina, ndipo cholinga chake n'chakuti munthu adzazione ndi maso. Zikwezeni pa malo ake paokha. Chomwe ndimaletsa ndi chizolowezi chopereka ku shopu mulu wonse, kalata, CV ndi masatifiketi, kuti akujambulireni fayilo imodzi. Ngati chilengezo chikufuna fayilo imodzi, lumikizani PDF ya CV yochokera mu Word ndi masamba ojambulawo, CV ikhale patsogolo, ndipo muyesenso `Ctrl+A` musanachoke pa shopupo.