Dikirani a Mwale, kapena dikirani, a Mwale?

Tiyerekeze kuti kapitawo wa pamalo ena ogulitsira zipangizo zomangira nyumba walemba uthenga madzulo, n'kuutumiza pa foni ku gulu lonse la antchito ake. Uthengawo uli motere:

"Mwaswera bwanji nonse mawa galimoto inyamuka 6 koloko dikirani a Mwale musakweze simenti."

Palibe liwu lachilendo m'menemo, ndipo amene walembayo akudziwa bwinobwino chimene akufuna. Koma owerenga angathe kumva zinthu zitatu zosiyana. Wina amva kuti gulu lonse lidikire a Mwale, ndipo simenti isakwezedwe iwo asanafike. Wina amva kuti mawuwo akupita kwa a Mwale okha, kuti iwowo ayambe adikira, asakweze simenti. Wachitatu amva kuti onse adikire, koma amene akuletsedwa kukweza simenti ndi a Mwale, mwina chifukwa msana ukuwavuta. Kutacha, ena aima chilili kudikira munthu, ena ayamba kale kusenza matumba, a Mwale nawo ali kunyumba poganiza kuti auzidwa kuti asafulumire.

Chimene chasowa ndi kachizindikiro kaja tinaphunzira kusukulu, mpatuliro (,), pamodzi ndi mnzake mpumiro (.). Onani momwe matanthauzo atatuwo amalekanirana zizindikirozi zikaikidwa:

"Dikirani a Mwale. Musakweze simenti."

"Dikirani, a Mwale, musakweze simenti."

"Dikirani. A Mwale, musakweze simenti."

Lamulo lake ndi lalifupi. Dzina la munthu amene mukulankhula naye limapatulidwa ndi mpatuliro; dzina la munthu amene mukumunena silipatulidwa. Dzina loitanira likakhala koyambirira kwa chiganizo, mpatuliro umabwera pambuyo pake. Likakhala kumapeto, umabwera dzinalo lisanalembedwe. Likakhala pakati, imafunika iwiri, uku ndi uku. Ambiri amaiwala wachiwiriwo, n'kulemba "Chonde, a Mwale bwerani msanga." Apa tanthauzo silinasokonekere, koma dzina latsekulidwira khomo lolowera lokha, lotulukira palibe.

Chifukwa chimene nkhaniyi imakulira mu uthenga wopita ku gulu chili m'Chichewa mwenimwenimo. Mawu amene timapatsira ulemu munthu mmodzi ndi omwewo amene timalankhulira kwa anthu ambiri. "Dikirani" angauzidwe mkulu mmodzi, angauzidwenso anthu khumi. "Musakweze" chimodzimodzi. Mukalembera munthu mmodzi, iye amadziwa kuti "inu" ndi iyeyo basi. Mukalembera gulu, aliyense amadzifunsa ngati "inu" ameneyu akumukhudza, ndipo chimene chingamuyankhe ndi dzina lopatulidwa bwino. Tikamalankhula pamaso sitivutika, chifukwa timayang'ana amene tikumuuzayo, mwinanso kumulozera. Pa foni kapena papepala maso palibe.

Pali njira ziwiri zodziwira ngati mpatuliro ukufunika. Yoyamba ndi ya khutu. Werengani chiganizocho mokweza monga mukanachinenera. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto pamene wolankhula akufuna kupuma. Mukamauza a Mwale kuti adikire, mudzimva mukunena ngati "dikiraani", n'kupuma pang'ono, kenako dzina. Mukamauza ena kuti adikire a Mwale, mawu onse amayenda limodzi ndipo kukokako kumamvekera kumapeto, pa dzina. Pamene mwapumapo ndi pamene pali malo a mpatuliro. Khutu lokha si lodalirika nthawi zonse, pakuti ena amapuma paliponse mpweya ukawathera, koma pa mayina oitanira silinama kawirikawiri.

Yachiwiri ndi yoyang'ana mneni. Ngati mneni akuyamba ndi mu- kapena u-, ndiye kuti mwini dzinalo mukulankhula naye: "A Banda, mwafika?" Ngati mneni akuyamba ndi a- wonena za munthuyo, ndiye kuti dzinalo ndi mwininkhani, ndipo mpatuliro usalowe pakati pawo: "A Banda afika?" Apa ndi pamene ena amapyola muyeso. Atamva kuti dzina limafuna mpatuliro, amayamba kulemba "A Banda, apita ku Mzuzu." Woliwerenga angaganize kuti mukuuza a Banda kuti munthu wina wapita ku Mzuzu, pamene inu mumafuna kuuza gulu kuti a Bandawo ndi amene apita. Mpatuliro woikidwa pasali pake umasokoneza mofanana ndi wosowa.

Wina anganene kuti kaphatikizo koimira munthu kamathetsa zonsezi, kuti tingolemba "Adikireni a Mwale" basi. N'zoona kuti zimathandiza, ndipo ndi Chichewa chomveka bwino kuposa "Dikirani a Mwale". Komabe "Adikireni, a Mwale" nachonso ndi chiganizo chabwinobwino, chouza a Mwale kuti adikire anthu ena. Tabwereranso pomwe paja.

Tsopano za moni. Moni ndi chiganizo pachokha, ndipo amene akupatsidwa moniyo ndi woitanidwa. Choncho timalemba "Moni, a Phiri", "Mwadzuka bwanji, anzanga?", "Zikomo, nonse", "Pepani, amayi". Moni akakhala funso, mfunsiro umadikira mpaka dzina litatha, sitilemba "Mwaswera bwanji? nonse". Ndipo mfunsiro ukaikidwa, palibenso chifukwa chowonjezera mpatuliro pambuyo pake. Zikusiyana pamene pali "kwa". Mu "Moni kwa nonse" kapena "Zikomo kwa a Phiri", kaliwu kameneka kamangirira dzina ku moniyo, ndiye palibe chopatula. Tanthauzo nalo lasuntha pang'ono: "Zikomo, a Phiri" mukuwauza iwowo, pamene "Zikomo kwa a Phiri" mukuwayamikira pamaso pa anzawo.

"Okondedwa" ndi "Wokondedwa", amene timatsegulira nawo kalata, si moni ayi. Ndi mawu ofotokoza munthuyo, choncho amamatirira ku dzina: "Okondedwa a Phiri," kapena "Okondedwa anzanga nonse,". Mpatuliro umakhala umodzi, kumapeto, ndipo nkhani imayambira pamzere wina ndi lembo lalikulu. N'chimodzimodzi ndi mawu aulemu kapena audindo otsogolera dzina, monga Bambo Phiri, Mayi Banda, Abusa a Mwale. Onsewo ndi dzina limodzi loitanira. Ngakhale "iwe Chikondi" ndi "inu nonse" amayenda limodzi, mpatuliro n'kubwera onse atatha: "Iwe Chikondi, tseka chitseko."

Nanga "Moni nonse," wopanda mpatuliro pakati, amene tikumuona m'mauthenga ambiri a kuntchito? Ineyo sindingamuimbe mlandu munthu pa chimenechi. Mawu awiriwa sangamveke mwanjira ina, ndipo kulemba "Moni, nonse," ndi mipatuliro iwiri yoyandikana kumaoneka kothinana. Amene akufuna kutsata lamulo popanda kuthinanako angalembe "Moni, nonse." n'kutseka ndi mpumiro, popeza moniyo ndi chiganizo chathunthu. M'kalata ya kuofesi, kapena pamayeso, ndingatsate lamulo. Pa foni ndingalekerere. Chimene sindingalekerere ndi moni wopanda chizindikiro chilichonse pambuyo pake, wongothamangira m'nkhani, monga "Moni nonse mubwere ndi makiyi". Kodi "nonse" ndi wa moni, kapena aliyense abwere ndi makiyi? Mpumiro umodzi, kapena kungoyamba mzere wina, kukanathetsa funsolo.

Mayina akachuluka pamabuka vuto lina, chifukwa mpatuliro womwewo umagwiranso ntchito yolekanitsa zinthu zondandalikidwa. "A Phiri, a Banda ndi a Mwale, bwerani ku ofesi" n'chomveka: woyamba ukulekanitsa mayina, wachiwiri ukutseka kuitana. Koma taonani ichi: "A Phiri, a Banda ndi a Mwale afika." Afika ndi anthu atatu, kapena mukudziwitsa a Phiri kuti awiri afika? Mpatuliro uli pamalo oyenera m'matanthauzo onse awiri, ndiye sungatithandize. Chofunika ndi kumanganso chiganizo: "A Phiri, dziwani kuti a Banda ndi a Mwale afika", kapena "Afika ndi a Phiri, a Banda ndi a Mwale."

Uthenga wa kapitawo uja, akanakhala kuti amafuna tanthauzo loyamba, ukanakhala bwino motere:

"Mwaswera bwanji, nonse?

Mawa galimoto inyamuka 6 koloko. Nonse muwadikire a Mwale, musakweze simenti asanafike."

Ndawonjezera "nonse" wachiwiri ndi "asanafike" mwadala. Mu uthenga wa gulu ndi bwino kutchula amene mukumuuza nthawi iliyonse pamene mwasintha, ndipo lamulo lopita kwa munthu mmodzi liyambire pamzere wakewake, dzina lili patsogolo. Wowerenga mothamanga, ali m'minibasi, amafunafuna dzina lake koyambirira kwa mzere. Likabisala pakati pa ndime salipeza. Polemba, mpatuliro umamatirira ku liwu lomwe latha, mpata n'kubwera pambuyo pake. Pa WhatsApp, mukatchula munthu pogwiritsa ntchito `@`, dzina lake limaoneka losiyana ndi mawu ena, koma foniyo siisonyeza ngati mukumuuza kapena mukumunena. Mpatuliro ukufunikabe.

Chovuta kwambiri ndi mayina athu, omwe ambiri ndi mawu a tsiku ndi tsiku. "Landirani mphatso", "Landirani Mphatso" ndi "Landirani, Mphatso" ndi nkhani zitatu: kulandira chinthu, kuchingamira mlendo, ndi kuuza Mphatso kuti alandire. Lembo lalikulu ndi mpatuliro zikugawana ntchito. Koma mayina monga Yamikani, Thokozani, Limbani ndi Kondwani amaoneka ndendende ngati mneni wolamula, ndipo akakhala koyambirira kwa chiganizo lembo lalikulu silitiuza kanthu, pakuti liwu lililonse loyamba limatero. "Thokozani a Banda abwera ndi katundu" lingamveke ngati lamulo loti gulu liyamike a Banda. Ndi mpatuliro, "Thokozani, a Banda abwera ndi katundu", tayandikira kwa munthu wotchedwa Thokozani, ngakhale kuti wina angamvebe kuti tonse tithokoze chifukwa katundu wafika.

"Kondwani, malipiro atuluka" ndiye alibiretu pothawira. Pagulu pamene pali Kondwani, antchito onse adzathamangira kubanki pamene ndalama zalowa kwa mmodzi yekha. Apa kapitawo alembe "A Kondwani, malipiro anu atuluka", kapena "Iwe Kondwani, malipiro ako atuluka" ngati ali mnyamata amene amamutchula choncho. Ngati amatanthauza gulu lonse, ayambe ndi "Nonse" kapena "Anzanga", kuti dzina la Kondwani lisalowemo n'komwe.