Ng'ona ndi nkhuku: chibale chosaonekera pankhope

M'mbali mwa mtsinje wa Shire, makamaka cha ku Liwonde, ng'ona ndi ng'azi zimaothera dzuwa pamchenga umodzi. Zonse ndi za mamba, za mchira wautali ndi za miyendo inayi yotangadza, moti mlendo akaona ng'azi yaikulu ikuthawira m'madzi amatha kukuwa kuti waona mwana wa ng'ona. Komabe akatswiri a zamoyo akamajambula chibale cha nyama zimenezi, saziika pamodzi. Pafupi ndi ng'ona amaikapo nkhuku, kakowa ndi mbalame zina zonse, ndipo ng'azi amaikankhira kumbali. Chithunzi chimene amalozapo ponena zimenezi chimatchedwa kiladogiramu.

Kiladogiramu ndi mizere yochita nthambi. Kunsonga kwa nthambi iliyonse kumalembedwa dzina la chamoyo, ndipo paliponse pamene nthambi ziwiri zikukumana pali mphanda. Mphanda iliyonse ikuimira kholo limodzi lakalekale, gulu la nyama limene linagawikana pawiri, mbali iliyonse n'kuyamba kusintha payokha. Funso limene chithunzichi chimayankha ndi limodzi lokha: pa zamoyo izi, ndi ziti zimene zinasiyana posachedwa kwambiri? Za kufanana nkhope sichifunsa n'komwe. Zili ngati pamudzi: munthu atha kufanana kwambiri ndi msuweni wake kuposa mlongo wake wa bere limodzi, koma akuluakulu akamalongosola chibale sayang'ana mphuno, amawerenga kuti awiriwa akumana pa mayi kapena pa agogo.

Amene anakhazikitsa njira yojambulira chithunzichi ndi Willi Hennig, Mjeremani amene ankafufuza za ntchentche. Buku lake linatuluka m'Chijeremani mu 1950, ndipo ambiri analidziwa litatuluka m'Chingerezi mu 1966. Iye asanabwere, akatswiri ankaunjika zonse zimene nyama zikufanana, n'kunena kuti zofanana zambiri ndiye chibale chachikulu. Hennig anati kufanana kuli mitundumitundu, ndipo mtundu umodzi wokha ndi umene umaulula mphanda. Umenewu ndi chinthu chatsopano chimene chinayamba mwa kholo lina, ana ake onse n'kuchitengera, pamene nyama zina zakunja kwa mbumbayo zilibe.

Njirayi imamveka bwino poigwiritsa ntchito. Titenge nyama zisanu: chule, mbuzi, ng'azi, ng'ona ndi nkhuku. Chule ali pano ndi ntchito yapadera. Iye ndi wakutali kwa zinayi zinazo, choncho ndiye muyeso wa chimene chili chakale. Chilichonse chimene chule ali nachonso sichingathandize kusiyanitsa zinzakezo.

Msana wa mafupa zonse zisanu zili nawo. Miyendo inayi chimodzimodzi, popeza mapiko a nkhuku ndi miyendo yakutsogolo imene inasintha. Zinthu ziwirizi n'zoona, koma pachithunzi chathu zilibe phindu. Chinthu choyamba chothandiza ndi timatumba ta madzi timene timakuta mwana asanabadwe kapena asanaswedwe. Chule amaikira mazira ake m'madzi, opanda timatumba timeneti. Ng'azi, ng'ona ndi nkhuku zili nato m'kati mwa dzira, mbuzi ili nato m'mimba. Apa pabwera mphanda yoyamba, chule mbali ina, zinayizo mbali ina. Kenako pali chigaza. Makolo a mbuzi anali ndi bowo limodzi kuseri kwa diso mbali iliyonse, pamene mzere wa ng'azi, ng'ona ndi mbalame uli ndi mabowo awiri. Pang'ona amaoneka bwinobwino, pambalame anasokonekera, koma mafupa a makolo ake okumbidwa pansi amawaonetsa. Mbuzi yapatuka pamphanda yachiwiri, ndipo kusiyana kumeneku kunachitika zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo.

Zatsala zitatu, ndipo nkhani yagona apa. Zimene zimachititsa kuti ng'ona ndi ng'azi zizioneka ngati pachibale ndi mano, mchira wautali, kuyenda ndi miyendo yonse inayi ndi mamba. Koma kholo la nyama zitatuzi linali kale ndi zonsezo. Ng'ona ndi ng'azi zangosunga maonekedwe akale, pamene mzere wa mbalame unataya mano, unafupikitsa mchira, n'kumera nthenga. Ngakhale mamba nkhuku sinawataye onse. Aliyense amene anasosolapo nkhuku amawadziwa a kumiyendo kwake. Zinthu zakale zimangouza munthu kuti zitatuzi ndi za mbumba imodzi yaikulu. Sizinena kuti ndi ziwiri ziti zimene zili pafupi.

Zatsopano zimaloza kwina. Mtima wa ng'ona uli ndi zipinda zinayi zotsekana bwino ngati wa nkhuku, pamene wa ng'azi sunagawike kwathunthu. Ng'ona ili ndi chigawo cha mimba cha minofu yolimba chofanana ndi nthutumba, ndipo imameza miyala. Ng'ona yaikazi imakumba chisa mumchenga, imachilondera pafupifupi miyezi itatu, ndipo ana akayamba kulira ali m'mazira, mayiyo amafukula n'kuwanyamula m'kamwa kupita nawo kumadzi. Anapiye nawonso amalira asanaswe chigoba. Ng'azi ya m'mitsinje yathu kawirikawiri imaikira mazira m'chulu n'kuchoka. Mafupa okumbidwa pansi amawonjeza umboni wina: achibale akale a ng'ona, madayinoso ndi mbalame zoyambirira anali ndi bowo lina pachigaza, kutsogolo kwa diso, limene abuluzi alibe. DNA nayo imanena zomwezo. Kholo la ng'ona ndi mbalame linakhalako zaka pafupifupi 250 miliyoni zapitazo, mzere wa ng'azi utapatuka kale.

Chithunzi chonsecho chitha kulembedwa mu mzere umodzi, pamene mabulaketi awiri alionse akuimira mphanda imodzi:

```
(chule,(mbuzi,(ng'azi,(ng'ona,nkhuku))))
```

Pali chinthu chimodzi chimene chikukana kulowa bwino m'chithunzichi. Mbuzi ndi nkhuku zonse zili ndi thupi lotentha lokha, ndipo mbuzi nayo ili ndi mtima wa zipinda zinayi. Bwanji osaziika pamodzi? Apa akatswiri amawerenga. Mbuzi ikaikidwa pamphanda imodzi ndi nkhuku, kutentha kwa thupi kwalongosoleka kamodzi, koma mabowo awiri a chigaza, nthutumba, bowo la kutsogolo kwa diso ndi mulu wa zilembo za DNA ziyenera kukhala kuti zinayamba kawirikawiri kapena kutayika mobwerezabwereza. Ng'ona ikasiyidwa ndi nkhuku, n'zochepa chabe zimene ziyenera kuti zinayamba kawiri. Chithunzi chofuna masinthidwe ochepa ndicho chimasankhidwa. Ndipo kuyang'anitsitsa kumatsimikizira, chifukwa mtsempha waukulu wotulutsa magazi mumtima umakhotera kumanzere mwa mbuzi koma kumanja mwa nkhuku. Mitima iwiriyi inafika pamapangidwe ofanana kudzera m'njira zosiyana.

Umboni wina umagwa pambuyo pake, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Mu 2010, Colleen Farmer wa ku yunivesite ya Utah ku Amereka ndi mnzake anaonetsa kuti m'mapapo a ng'ona za kumeneko mpweya umayenda mozungulira kulowera mbali imodzi, monga umayendera mwa mbalame. Zinaoneka ngati chizindikiro china chokongola cha mphanda ya ng'ona ndi mbalame. Patangopita zaka zitatu, ofufuza a gulu lomwelo anapeza kayendedwe komweko mwa mtundu wina wa ng'azi ya kuno ku Afirika. Choncho mwina chinthucho n'chakale kuposa mmene ankaganizira, mwina chinayamba kawiri. Mulimonsemo, sichingagwirenso ntchito yosiyanitsa ng'ona ndi ng'azi. Mphandayo sinagwe, chifukwa sinatsamire pa umboni umodzi.

Owerenga ambiri amaphonya chithunzichi m'njira imodzi, ndiyo kuwerenga maina a kunsonga ngati mzere wochoka kwa wotsalira kupita kwa wotsogola. Nthambi ziwiri za pamphanda iliyonse zitha kutembenuzidwa popanda kusintha tanthauzo. Mukalemba nkhuku kumanzere, ng'ona kumanja, ng'ona iyandikana ndi dzina lina papepala koma chibale chikhala chomwecho. Chule ali pamtunda wofanana ndi mbuzi ndi nkhuku, ngakhale kuti papepala wagundana ndi mbuzi, chifukwa mukatsata mizere kubwerera m'mbuyo, zonse ziwiri zimakumana naye pamphanda imodzimodzi. Chithunzichi sichikunenanso kuti nkhuku inachokera kwa ng'ona. Zonse ziwiri zili moyo lero, ndipo kholo lawo silinali ng'ona kapena mbalame. Utali wa mizere nawo sukuimira zaka. Zaka zimawonjezedwa padera kuchokera ku mafupa a m'miyala ndi DNA.

Nyanja ya Malawi ili ndi chitsanzo chimene chimatchulidwa m'mabuku ambiri a zamoyo. Muli ncheni, nsomba yaitali ya mano osongoka yodya nsomba zinzake, ndi mbuna, tinsomba tamawanga timene timapala ndere pamiyala. Ku nyanja ya Tanganyika kulinso nsomba zooneka ngati ncheni ndi zina zooneka ngati mbuna, moti munthu akaziika pambali pa zathuzi angalumbire kuti iliyonse yapeza mbale wake. Mu 1993, Thomas Kocher ndi anzake anayerekeza DNA ya nsomba zofananazi, n'kupeza kuti za ku Malawi zikukumana pamphanda yawoyawo. Ncheni ili pafupi ndi mbuna kuposa ndi nsomba ya ku Tanganyika yofanana nayo. Moyo wosaka pakati pa nyanja unaumba thupi lalitali kawiri, m'nyanja ziwiri.

Nsomba zomwezi zimaonetsanso pamene kiladogiramu imalekezera. Chithunzichi chimaganiza kuti nthambi zikasiyana sizikumananso. Koma mitundu mazanamazana ya nsomba za banja la mbuna m'nyanjayi inagawikana posachedwa kwambiri, ndipo ina yakhala ikuberekana pambuyo pa kugawikanako. Kafukufuku wa DNA yathunthu ya nsombazi amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti zigawo zosiyana za DNA zimapereka zithunzi zosiyana, moti palibe chithunzi chimodzi cha nthambi chimene chingalongosole mbiri yake yonse. Pofuna kuonetsa zimenezi, ofufuza amajambula mizere ina yodutsa pakati pa nthambi, kusonyeza pamene mtundu wina unapatsira unzake DNA.