Kholo silibweza ngongole ya mwana

Mayi wina wogulitsa simenti anabwera kuofesi kwanga ndi mainivoisi a miyezi ingapo osalipidwa. Anakongoza katundu kwa kampani ina chifukwa pachikwangwani pake panalembedwa dzina la gulu lalikulu. “Achimwene, anthu amenewa ali ndi ndalama,” anatero. Mawuwa ndawamva mpaka kutopa nawo.

Ndalama ali nazo ndithu, koma zili m'thumba la yani? Pamaso pa malamulo, kampani iliyonse yolembetsedwa ndi munthu payekha. Ili ndi katundu wake, ngongole zake. Kampani ina ikagula masheya opitirira theka imakhala kholo, yogulidwayo n'kukhala sabusidiyale, kapena kuti mwana. Kholo limasankha mabwana a bodi ndi kudya phindu, koma mwana akagwa limangoluza zomwe linaikamo. Wokongoza amatsala ndi mapepala, pokhapokha khololo litasaina galanti, chikalata cholonjeza kubweza ngongoleyo. Chizindikiro cha pachikwangwani si galanti ayi.

Nanga mwini weniweni mumupeza bwanji? Tengani shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Illovo Sugar Malawi ili pamsika wa masheya ku Blantyre, koma masheya 76 pa 100 aliwonse ndi a gulu la Illovo la ku South Africa. Gululo linagulidwa lonse ndi Associated British Foods ya ku London mu 2016, ndipo masheya oposa theka a kampani ya ku Londonyo ali m'manja mwa Wittington Investments, yolamulidwa ndi banja la Weston. Wittington ndiye timaitcha holodingi: ntchito yake yaikulu ndi kusunga masheya, nzimbe siilima. Palibe chachinyengo pamenepa, ngakhale ine ndimaona kuti makwerero akachuluka ofufuza ambiri amathera pa sitepe yoyamba.

Kumene ophunzira omwe amapunthwa ndi pa manambala. Press Corporation ili ndi masheya ongopitirira theka pang'ono mu National Bank of Malawi, komabe m'lipoti lake la pachaka ndalama zonse zomwe banki yapeza zimalowa m'chiwerengero cha gulu. Pa K100 iliyonse ya phindu la banki, pafupifupi K51 ndiyo ya Press. Yotsalayo ndi ya eni masheya ena, ndipo imaonetsedwa payokha m'munsi. Mukaphatikiza phindu la Press ndi la banki, mwawerenga ndalama imodzimodzi kawiri.

Choncho mukatsegula lipoti, onani mutu wa danga. `Consolidated` ndi gulu lonse, `Separate` ndi kampani yokhayo. Kumapeto kumakhala mndandanda wa ana ndi wa ngongole zomwe abalewa akongozana. Ngati kampaniyo siili pamsika, yambani ndi dzina lonse ndi nambala yake ku kaundula wa makampani, ngakhale zolembedwa kumeneko nthawi zina zimatsalira m'mbuyo. Ndipo ngongole ikakhala yaikulu, loya aone dzina lomwe lili pa kontilakiti musanatsitse thumba ndi limodzi lomwe.