Thiransifoma Ikachepa Isanafike: Kalata Imene Injiniya Amalembera Mwini Ntchito

Mwa makalata amene injiniya wa zamagetsi amalemba, pali imodzi imene mwini ntchito sailandira ndi manja awiri. Ndi ija yonena kuti thiransifoma imene anagwirizana kale, mtengo wake n'kulowa m'bajeti, yachepa ndipo pakufunika yokulirapo. Ambiri akaiwerenga amangoti apa injiniya akufuna kudyapo. Komatu kalata yolembedwa bwino imapatsa mwini ntchito mpata wotenga cholembera n'kuwerengetsera yekha, kuti aone ngati zonenedwazo zili zoona.

Tiyerekeze za wamalonda wina amene akumanga chigayo ku Nkhotakota. Poyamba anauza injiniya kuti adzaika chigayo cha ufa cha 37 kW, makina okonolera chimanga a 22 kW, komanso magetsi ounikira ndi a mu ofesi okwana 6 kW. Zonse pamodzi ndi 65 kW, ndipo titenge kuti amenewa ndiwo magetsi amene makinawo amakoka. Injiniya sanangoima pa nambala imeneyi, pakuti makina onse sakoka mphamvu zawo zonse nthawi imodzi. Atamva mmene ntchito idzayendere, anatenga magawo 80 pa 100 alionse, n'kupeza 52 kW.

Panatsala sitepe ina imene imasokoneza anthu ambiri. Makina amalembedwa mu kW, koma pa chitsulo cha thiransifoma pamalembedwa kVA. Kusiyanaku kumabwera chifukwa mota imakoka magetsi ena ongopangira mphamvu ya maginito, amene sapera chimanga koma amadutsabe m'mawaya a thiransifoma n'kumawatenthetsa. Pamalo podzaza mamota, akatswiri amakonda kugawa kW ndi 0.8 kuti apeze kVA. Choncho 52 kW inasanduka 65 kVA, ndipo thiransifoma ya 100 kVA inali yokwanira bwino lomwe, malo n'kutsala.

Ndiye nyumba ili pa lintala, bwana uja anaona kuti m'dera la mpunga sangakhale opanda makina opunthira ndi kuyeretsa mpunga. Anaitanitsa a 30 kW. Anaonjezanso chipinda chozizira chosungiramo nsomba cha 15 kW, ndi pampu ya madzi pamodzi ndi tina ndi tina tokwana 10 kW. Kwa iye kunali kungokulitsa bizinesi. Kwa injiniya, katundu yense anachoka pa 65 kufika pa 120 kW. Masamu omwe aja akabwerezedwa, pamatuluka 96 kW, kutanthauza 120 kVA pa thiransifoma ya 100.

Apa ndi pamene kalata imayambira, ndipo injiniya wodziwa ntchito sazungulira. Akatha moni, chiganizo choyamba chimanena mutu wonse, mwachitsanzo motere: “Bwana, potsatira makina amene mwaonjezera, tikupempha kuti thiransifoma isinthe kuchoka pa 100 kVA kufika pa 200 kVA, ndipo zifukwa zake ndi izi.” Kenako amaika mndandanda wakale ndi watsopano moyandikana, makina aliwonse ndi mphamvu yake, n'kutchula tsiku limene anauzidwa za kusinthako. Tsikuli silikhala lolozera munthu chala. Limateteza onse awiri, chifukwa pakadzabuka mkangano wa ndalama, aliyense adzafuna kudziwa kuti pulani yoyamba inakhazikika pa manambala ati. Ngati nambala yakale inalakwika m'manja mwa injiniya mwini, kalatayo iyenera kunena zimenezo mosabisa.

Funso limene mwini ntchito aliyense amafunsa ndi lakuti, kodi 20 kVA yongopitirirayo ingaphe thiransifoma? Tsiku loyamba ayi, ndipo n'chifukwa chake anthu amanyengeka. Mkati mwa thiransifoma muli mawaya okulungidwa ndi pepala, omizidwa m'mafuta oziziritsa. Katundu akachuluka, kutentha kumakwera mofulumira kuposa katunduyo: magetsi odutsa akaonjezeka ndi magawo 20 pa 100, kutentha kobadwa m'mawaya kumaonjezeka ndi magawo 44. Pepala lija limayamba kuuma ndi kuthetheka. Akatswiri amawerengera kuti malo otentha kwambiri mkatimo akapitirira madigiri 98, madigiri 6 alionse oonjezera amafulumizitsa kukalamba kwa pepalalo kawiri. Taganizani tsono za masana a mwezi wa Okutobala kunyanja, chigayo chikulira kuyambira m'mawa.

Palinso nkhani yoliza mota. Mota yaikulu ikamadzuka molunjika imakoka magetsi mwina kasanu ndi kamodzi kuposa mmene imakokera ikakhazikika. Pa thiransifoma yolemedwa kale, mphamvu imatsika kwa kanthawi: mababu amachita chizimezime, mota imang'ung'udza isanathamange, ndipo makina a chipinda chozizira amatha kuzima okha. Kalata yabwino imatchula zizindikiro ngati zimenezi chifukwa ndi zimene mwini chigayo anazionapo kwa anzake.

Injiniya woona mtima amasonyezanso kuti anayesa njira zotchipa. Ina ndi kuika makapasita, amene angakweze 0.8 uja kufika pa 0.95. Koma 96 kugawa ndi 0.95 ndi 101 kVA, ndiye kuti thiransifoma idzakhalabe yodzaza mpaka pakamwa. Njira ina ndi kusinthanitsa makina, mpunga m'mawa, chimanga masana. Papepala zimatheka. Koma nthawi yokolola, anthu atandanda ndi matumba pakhomo, ndi woyendetsa chigayo uti amene angasiye makina ali chete? Pa 200 kVA katundu akukhala pa magawo 60 pa 100, ndipo mpata wokula ulipo. Kulumphira pa 315 kVA kukanakhala kuwononga ndalama, pakuti thiransifoma imadya magetsi ake pang'ono usana ndi usiku ngakhale makina atazimitsidwa, ndipo ikakula imadyanso ochuluka.

Mbali imene makalata ambiri amaiwala ndi yakuti thiransifoma sisintha yokha. Ya 100 kVA imatulutsa maamperi pafupifupi 144 pa mavoti 400, pamene ya 200 kVA imatulutsa 289. Chingwe chochokera pa thiransifoma kupita ku bolodi lalikulu chiyenera kunenepa, buleka yaikulu isinthe, mafyuzi a mbali ya laini ya 11 kV kapena 33 kV asankhidwenso. Kukachitika shoti, magetsi amene thiransifoma yaikuluyi ingakankhe amakhala pafupifupi kawiri, choncho buleka iyenera kukhala yotha kuwadula osaphulika. Ngakhale mapolo ndi zitsulo zonyamulira ziyenera kuonedwanso, chifukwa kulemera kwaonjezeka. Mwini ntchito akauzidwa mtengo wa thiransifoma yokha, zinazi n'kumabwera m'mabilu pambuyo pake, ubale umathera pomwepo.

N'chifukwa chake ndime ya ndalama imalembedwa mzere ndi mzere: mtengo wakale, mtengo watsopano, kusiyana kwake, ndi tsiku limene koteshoni ithere mphamvu, poti zipangizo zambiri zimachokera kunja ndipo mitengo imatsata kwacha. Ya nthawi nayo imafuna chilungamo. Pempho limene linapita ku ESCOM linali la katundu wakale, ndiye liyenera kukonzedwanso kuti aone ngati laini ya m'deralo ingasenze katundu watsopanoyu, ndipo mita ndi kalipiridwe zikhoza kusintha. Injiniya salonjeza tsiku limene silili m'manja mwake.

Kumapeto kwa kalata kumakhala pempho limodzi lomveka: bwana asaine kuvomereza kusinthaku pofika tsiku lakutilakuti, ndipo atsimikize kuti palibenso makina ena amene akuwaganizira. Oda ya thiransifoma ya 100 kVA imaimitsidwa kaye mpaka yankho litabwera, ndipo zojambula zatsopano zimapatsidwa nambala ina kuti amisiri pamalopo asapitirize kukoka chingwe chakale.