Kodi ndalama zotsatsira malonda zikubwerera? Masamu awiri okuthandizani kudziwa

Wamalonda akalipira uthenga pa wailesi, kusindikiza timapepala kapena kulengeza katundu pa Facebook, mwezi ukatha amafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi ndalama ija yabweretsa makasitomala? Ambiri amayankha mongoganizira. Koma ngati mumalemba zolowa ndi zotuluka mwezi uliwonse, mapulogalamu a Excel, Google Sheets ndi LibreOffice Calc ali ndi mafomula awiri, SLOPE ndi INTERCEPT, amene angakupatseni yankho la manambala. Kuwalemba n'kosavuta. Pofunika nzeru ndi pomasulira zimene atulutsa.

Tiyerekeze sitolo yogulitsa zipangizo zomangira pa tawuni ina yaing'ono. Mwini wake walemba ndalama zimene analipira potsatsa malonda ndi zimene anagulitsa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Manambala onse ali m'masauzande a makwacha, choncho 30 akutanthauza K30,000.

```
   A           B         C
1  Mwezi       Kutsatsa  Zogulitsa
2  Januwale    30        710
3  Febuluwale  20        670
4  Malichi     50        880
5  Epulo       40        860
6  Meyi        70        1070
7  Juni        60        970
```

Mukajambula manambalawa pa galafu, ndalama zotsatsira zikuyenda chopingasa ndipo zogulitsa chokwera, mupeza timadontho tisanu ndi kamodzi tokwera chakumanja. Sitili pa mzere umodzi ndendende, koma mzere woongoka ungathe kudutsa pakati pake. Kompyuta imasankha mzerewo motere: imayeza mtunda wochoka pa kadontho kalikonse kufika pa mzere, imachulukitsa mtunda uliwonse ndi iwo wokha, n'kuphatikiza zonse. Mzere umene watulutsa chiwerengero chochepetsetsa ndiwo umatengedwa. Njirayi ndi yakale. Katswiri wa masamu wa ku France, Adrien-Marie Legendre, anaisindikiza mu 1805.

Mzere woongoka uliwonse umadziwika ndi zinthu ziwiri: pamene wayambira ndi mmene ukukwerera. M'timabokosi tiwiri topanda kanthu lembani izi:

```
=SLOPE(C2:C7,B2:B7)
=INTERCEPT(C2:C7,B2:B7)
```

Yoyamba itulutsa 8, yachiwiri 500. Onetsetsani dongosolo lake: zogulitsa, zimene mukufuna kulosera, zimayamba, ndipo ndalama zotsatsira zimabwera pambuyo. Apa m'pamene anthu ambiri amaphonya. Mukasinthanitsa, kompyuta sidandaula, ingokupatsani pafupifupi 0.12, yankho la funso lina. Ikalemba #N/A, ndiye kuti mbali imodzi yatenga timabokosi tambiri kuposa inzake. Ikalemba #DIV/0!, onani ngati simunkalipira ndalama yofanana mwezi uliwonse, chifukwa popanda kusintha palibe choyerekezera.

Nambala 8 ikunena kuti, m'miyezi imeneyi, K1,000 iliyonse yoonjezera pa kutsatsa inkayendera limodzi ndi K8,000 yoonjezera pa zogulitsa. Nambala 500 ikunena kuti mzerewo ukautalikitsa mpaka pamene kutsatsa kuli ziro, zogulitsa zikhala K500,000. Tingati amenewa ndi malonda a makasitomala ozolowera ndi odutsa pamsewu. Koma samalani: sitoloyi sinakhalepo mwezi osatsatsa, ndalama yochepetsetsa inali K20,000. Choncho 500 si chinthu chimene mwini sitolo anachiona ndi maso, koma chongoyerekeza.

Manambala awiriwa akaphatikizidwa amapanga chida cholosera: zogulitsa = 500 + 8 × kutsatsa. Mwini sitolo akafuna kuikapo K55,000 mwezi wamawa, achulukitse 55 ndi 8, apeza 440, aonjezere 500, apeza 940. Ayembekezere pafupifupi K940,000. Mawu akuti "pafupifupi" ndi ofunika. M'mwezi wa Epulo, mzere ukuti 820 pomwe anagulitsa 860. Mu Januwale ukuti 740 pomwe anagulitsa 710. Kuphonya kwa K10,000 mpaka K40,000 ndi kwachizolowezi pa sitoloyi. Pofuna kudziwa kuti timadontho tayandikira bwanji mzere, lembani:

```
=RSQ(C2:C7,B2:B7)
```

Yankho limakhala pakati pa 0 ndi 1. Pano ndi 0.97, kutanthauza kuti mzere ukutsatira bwino kwambiri kukwera ndi kutsika kwa malonda. Mabuku enieni a bizinesi kawirikawiri satuluka bwino chonchi. Mukapeza 0.2, dziwani kuti malonda anu akugwedezedwa kwambiri ndi zinthu zina, ndipo kulosera kwa mzere musakudalire.

Tsono funso lalikulu: kodi 8 ndi nambala yosangalatsa? Poyamba imaoneka choncho, kwacha imodzi kubala makwacha asanu ndi atatu. Koma K8 imeneyo ndi ndalama yogulitsa, si phindu. Simenti ndi malata zinachita kupikulidwa. Ngati pa K100 iliyonse yogulitsa mwini sitolo amatsala ndi K15 atachotsa mtengo wopikulira, ndiye kuti K8,000 ija imusiyira K1,200. Achotse K1,000 imene analipira potsatsa, watsala ndi K200. Ngati amatsala ndi K10 yokha pa K100, K8,000 imusiyira K800, ndipo K1,000 iliyonse yotsatsira ikumuluzitsa K200, ngakhale kuti m'sitolo mukuoneka anthu ambiri. Nambala ya SLOPE payokha sinena ngati kutsatsa kukupindula mpaka mutaichulukitsa ndi gawo la phindu lanu.

Chenjezo lachiwiri lili m'tebulo momwemo. Miyezi imene sitolo inatsatsa kwambiri ndi Meyi ndi Juni, nthawi imene mvula yatha, alimi agulitsa fodya, soya ndi mtedza, ndipo anthu ayamba kumanga. Miyezi imene inatsatsa pang'ono ndi Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama zapita ku feteleza ndi fizi. Kodi malonda anakwera chifukwa cha wailesi kapena chifukwa cha zokolola? Fomula singasiyanitse. Imangoona kuti ziwirizi zinakwerera limodzi. Mwinanso mwini sitolo amatsatsa kwambiri mwezi umene kabati yadzaza, ndiye kuti malonda ndiwo akukoka kutsatsa. Kukwera kwa mitengo kumachitanso chimodzimodzi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wambiri inakwera. Amene angasakanize miyezi ya kutsogolo ndi kumbuyo kwa nthawiyo angaone mzere wokwera pomwe matumba a simenti ogulitsidwa sanachuluke. Mankhwala ake ndi kuwerenga katundu amene watuluka m'malo mwa makwacha, kusonkhanitsa manambala a zaka ziwiri kapena zitatu, ndiponso kuyesa dala kutsatsa kwambiri mwezi wina wosowa ndalama ndi kuchepetsa mwezi wina wa zokolola.

Chomaliza, mzere umagwira ntchito m'malire amene unabadwiramo, pano pakati pa K20,000 ndi K70,000. Mukaufunsa za K300,000, uyankha mosazengereza kuti K2,900,000. Koma tawuni ili ndi anthu owerengeka omanga nyumba, ndipo uthenga ukamveka kakhumi kwa munthu yemweyo, sagula malata kakhumi. Chizindikiro chake chimaoneka pa galafu: timadontho takumanja timayamba kugona m'munsi mwa mzere. N'chifukwa chake musanakhulupirire nambala iliyonse, sankhani timabokosi ta B ndi C, pitani pa Insert, musankhe Scatter, muone ngati timadontho tikutsatadi njira yoongoka ndiponso ngati palibe mwezi umodzi wachilendo umene ukukoka mzere wonse.

Choncho inu amene muli ndi bizinesi, tulutsani buku lanu la chaka chathachi, lembani mizere iwiriyo, ndipo nambala imene SLOPE ikupatseni muichulukitse ndi gawo la phindu lanu. Zikaposa 1, ndipo mwatsimikiza kuti si nyengo imene yakweza malonda, pitirizani kutsatsa koma muzionjezera pang'onopang'ono. Zikachepera 1, sinthani njira yotsatsira musanalipirenso.