Ndalama zikasochera pa nambala ya wina: uthenga woyenera kulembera ejenti

Chiyambireni Airtel Money m'chaka cha 2012 ndi TNM Mpamba m'chaka cha 2013, kutumiza ndalama kumudzi kapena kwa mwana kusukulu sikuliranso basi kapena munthu wapaulendo. Koma nambala ya foni ili ndi manambala 10, ndipo kuphonya imodzi yokha n'kokwanira kuti ndalama zigwere m'manja mwa munthu amene simunamuonepo. Zikatero ambiri amathamangira kwa ejenti ndi mawu amodzi okha: "Bwezani ndalama zanga." Apa ndi pamene nthawi imatayikira, chifukwa ejenti alibe mphamvu yolowa mu akaunti ya munthu wina n'kutulutsamo ndalama. Yemwe angabweze ndi kampani. Ejenti ndi wokanena chabe, ndipo amakanena bwino ngati mwamupatsa zonse zofunika msanga.

Choyamba muyenera kudziwa kuti ndalamazo zachokera pa foni ya yani. Ngati mwatumiza nokha pa foni yanu, kudzera pa *211# kapena *444#, wodandaula ndinu. Imbirani nokha ku nambala yothandizira makasitomala kapena pitani ku shopu ya kampani, chifukwa adzafuna kulankhula ndi mwini laini. Koma ngati munapereka ndalama pamanja kwa ejenti kuti aike pa nambala ya wina, nkhani yasintha. M'makina a kampani, wotumiza si inu koma laini ya ejentiyo. Uthenga wotsimikiza unafikira pa foni yake, ndipo ndi iye amene angayambitse dandaulo. Ndiye chifukwa chake uthenga wopita kwa ejenti uyenera kulembedwa mosamala.

Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato ku Mchesi mu Lilongwe. Wapereka K45,000 kwa ejenti wapafupi ndi msika kuti itumizidwe kwa mwana wake amene ali pasukulu yogonera konko ku Dedza. Nambala analemba pakapepala: inayenera kuthera ndi 47, koma dzanja linalemba 74. Ejenti anatchula dzina limene linatuluka pa foni, koma pamsika panali phokoso, mayi anangogwedeza mutu n'kubwerera ku benchi lake. Patapita kanthawi mwana akuimba kuti sanalandire kanthu. Mayi sangasiye tomato yekha, choncho alembe uthenga. Uthenga wothandiza ungakhale wotere:

"Achimwene, ndine mayi uja wa tomato, ndinabwera cha m'ma 10:20 m'mawa uno. Ndinakupatsani K45,000 kuti muike pa nambala yothera ndi 47, koma ndinalemba molakwika, zapita pa yothera ndi 74. Nambala zonse ziwiri ndazilemba m'munsimu. Chonde imbirani ku kampani pompano kuti agwire ndalamazo zisanatapidwe, ndipo munditumizire Transaction ID ndi dzina limene linatuluka. Ndikangopeza wondidikirira pabenchi ndifika ndi chiphaso changa. Zikomo."

Taonani zimene zili mu uthengawu. Muli nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama, chifukwa ejenti amathandiza anthu ambiri pa tsiku, ndipo K45,000 ingaoneke kawiri kapena katatu m'buku lake. Nthawi ndiyo imamuthandiza kupeza mzere woyenera. Muli nambala zonse ziwiri, yolakwika ndi yolondola, zimene zimaonetsa aliyense kuti kunalidi kuphonya kwa dzanja. Mayiyu wapemphanso Transaction ID, nambala yapadera imene makina amapereka pa kutumiza kulikonse. Imapezeka mu uthenga wotsimikiza, ndipo wothandiza makasitomala akaipatsidwa amapeza nkhaniyo nthawi yomweyo. Ndi bwino kuti inunso mukhale nayo, chifukwa mudzaifuna ngati nkhani itapitirira.

Mbali imene ndikufuna muigwiritse ndi pempho loti ndalama zigwiridwe zisanatapidwe. Kubweza kumatheka mosavuta pokhapokha ngati ndalamazo zidakali mu akaunti ya wolandirayo. Iye akangotapa kwa ejenti wina, kugula mayunitsi, kulipira magetsi kapena kutumiza kwina, kampani ilibe choti ibweze kuchokera mu akauntiyo. Choncho uthenga wamphindi zisanu zoyambirira umaposa kalata yaitali ya mawa. Ngakhale ndalama zitapezeka, musayembekezere kuti zibwera nthawi yomweyo. Kampani imayamba yafufuza kaye, ndipo ingafunse wolandirayo, popeza alipo anthu amene amalipira katundu kenako n'kunama kuti analakwitsa nambala. Kufufuzako kumatetezanso inu tsiku limene mudzakhale wogulitsa.

Onaninso kuti mayiyu sanakalipe. Wavomera kuti nambala analemba ndi iye, ndipo izi zimachotsa mantha mwa ejenti, amene amaopa kuti alipiritsidwa kuchokera m'thumba mwake. Ejenti amadyera kakomishoni kochepa, ndipo akaona kuti mukumukakamiza mlandu amayamba kudziteteza m'malo moimba foni. Ngati wolakwitsa ndi iye, mwachitsanzo pakapepala panalembedwa 47 koma iye anabaya 74, nenani poyera mwaulemu, ndipo kapepalako kasungeni kapena mukajambule. Ndi umboni wanu wokhawo.

Nanga kuimbira wolandirayo? Ambiri amayamba ndi zimenezi, ndipo nthawi zina zimathandizadi, pakuti anthu okhulupirika alipo ndipo amabweza. Koma ine ndimati yambani mwauza kampani. Mukayamba ndi iye, mwina mwamudziwitsa za ndalama zimene sanazione, ndipo wamtima wofooka athamangira kukatapa n'kuzimitsa foni. Dandaulo likalowa, pamenepo muimbireni mofatsa. Akavomera, ndi bwino avomereze ku kampani kuti ibweze yokha kwa wotumiza, makamaka pamene ndalama zinachokera pa laini ya ejenti, kuti pasakhale kukanirana pambuyo pake.

Musadabwe ngati wolandirayo akukayika. Akuba akhala akutumiza mauthenga abodza ofanana ndi a kampani, kenako n'kuimba modandaula kuti atumiza ndalama molakwika, muwabwezere. Munthu akatumiza asanaone balansi yake, amapereka ndalama zake zomwe. Choncho inuyo mukalandira foni yotere, onani kaye balansi kudzera pa *211# kapena *444#, yang'ananinso ngati uthengawo wachokeradi ku kampani osati pa nambala wamba ya munthu. Ndipo pa nkhani yonse yobweza ndalama, palibe amene ayenera kukufunsani PIN yanu, kaya ndi ejenti, kaya ndi wina wodzitcha wogwira ntchito ku kampani. PIN siilembedwa mu uthenga.

Dandaulo likalowa, funsani nambala yake yolondolera, mulembe tsiku ndi nthawi, ndipo musafufute uthenga uliwonse. Ngati ndalama zinadutsa kuchokera ku kampani ina kupita ku inzake, monga kuchokera pa 099 kupita pa 088, dandaulo limayambira ku kampani ya wotumiza, ndipo lingatenge nthawi yotalikirapo chifukwa mbali ziwiri ziyenera kulumikizana. Wolandira akatapa n'kukana kubweza, njira yotsala ndi kupolisi, mutatenga Transaction ID ndi mauthenga aja. Ngati mukuona kuti dandaulo lanu silinasamalidwe, Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira ntchito zotumiza ndalama pa foni, imalandira madandaulo a makasitomala amene anayamba adandaula ku kampani.

Ulendo wina mukaima pa kauntala ya ejenti, musachoke asanakutchulireni dzina limene latuluka, ndipo ngati pali phokoso mupempheni akuonetseni pa foni, muliwerenge nokha asanabaye PIN yake.